Chithunzi Chilipo, Fayilo Idasowa: Mungaidziwe Bwanji Fonti?

Mlembi wa gulu lina la alimi adafika pamalo pomwe ndimagwira ntchito yosindikiza, foni ili m'manja. Adandionetsa positala ya msonkhano wawo wa chaka chatha, nati, "Achimwene, tikufuna yomweyi. Mungosintha tsiku ndi malo, zina zonse zikhale momwe zilili." Nditafunsa za fayilo yake, adati mnyamata amene adaikonza adasamukira kutali ndipo kompyuta yake idafa. Chomwe chidatsala chinali sikirinishoti, chithunzi chimene munthu wina adajambula pa sikirini ya foni nkutumiza pa WhatsApp.

Vuto la sikirinishoti nlakuti mulibe zilembo zenizeni. Diso limaona mawu, koma kompyuta imangoona timadontho ta mitundu, timene timatchedwa mapikiseli. Dzina la fonti, kutanthauza mtundu wa kalembedwe ka zilembozo, silisungidwa m'chithunzi, ndipo palibe batani limene mungadine kuti likutchulireni. Muyenera kulondola mapazi ngati mlenje, ndipo mapaziwo ndi maonekedwe a zilembo zomwezo.

Ndisanatsekule pulogalamu iliyonse ndimafunsa kaye komwe chithunzi chachokera, chifukwa yankho lake limadula mtunda. Makina ambiri ali ndi fonti yawoyawo. Mafoni ambiri a Android amalemba ndi Roboto, imene Google idatulutsa mu 2011, ngakhale makampani ena opanga mafoni amaikamo zawo. Mafoni a iPhone akhala akugwiritsa ntchito San Francisco kuyambira 2015. Timawu ta pa mawindo a Windows ndi Segoe UI. Kalata yolembedwa mu Word popanda mwini wake kusintha kanthu kawirikawiri imakhala Calibri ngati idalembedwa kuyambira 2007, Times New Roman ngati ndi yakale kuposa pamenepo, kapena Aptos ngati ndi ya posachedwapa. Ndaonapo anthu akutha bandulo yonse kufufuza fonti ya uthenga wa pafoni, chonsecho ndi Roboto yomwe ali nayo m'thumba.

Positala ya alimi ija sidali yotero, popeza woikonza adasankha yekha zilembo zake. Mutu wake unali wa zilembo zazikulu zonenepa, GULU LA ALIMI OTHIRIRA, ndipo m'munsi munali mzere wa zilembo zazing'ono wonena tsiku ndi malo.

Choyamba ndidapempha mlembiyo kuti afunse ngati pali wina amene ali ndi chithunzi chooneka bwino. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zichepe, ndipo chithunzi chikayenda m'manja ambiri, wina akuchijambulanso pa sikirini yake, m'mphepete mwa zilembo mumachita mbuu. Chithunzi chotumizidwa ngati `Document` sichifinyidwa, choncho amene ali nacho chabwino achitumize motero. Tidapeza china chooneka bwinoko. Ndidadulamo mzere umodzi wokha, wa mutu uja, nkuusandutsa wakuda pa choyera, nkuuwongola kuti usapendeke. Ndidaukulitsanso mpaka chilembo chilichonse chidatalika mapikiseli pafupifupi 100. Kukulitsa sikubwezeretsa zimene zidafufutika, koma kumathandiza makina kulekanitsa chilembo ndi chinzake. Ngati mwajambula pa kompyuta ya Windows ndipo mukuona timizere tofiira ndi tobiriwira m'mphepete mwa zilembo, musadabwe. Imeneyo ndi njira yotchedwa ClearType yosalazira zilembo pa sikirini, ndipo kuchotsa mitundu m'chithunzimo kumachepetsa chisokonezo chake.

Kenako mpamene ndidaika kachidutswako pa mawebusaiti ozindikira fonti. Odziwika ndi WhatTheFont ya kampani ya MyFonts, WhatFontIs, ndi Matcherator ya Font Squirrel. Amene ali ndi Photoshop angapezenso `Match Font` pansi pa `Type`. Onsewa amayerekeza maonekedwe a zilembo zanu ndi mafonti omwe ali m'nkhokwe yawo, nakupatsani mndandanda wa ofanana nazo. Ena amakufunsani kuti mutsimikize chilembo chilichonse, ndipo pamenepa musathamange, chifukwa I wamkulu ndi l wamng'ono amasokonezana msanga.

Anthu ambiri amalakwa pomwepa. Amatenga dzina loyamba pamndandanda ngati chigamulo cha khoti. Mndandandawo ngwa oganiziridwa chabe. Webusaiti singatchule fonti imene mulibe m'nkhokwe yake, ndipo siikuuzani kuti ilibe, imangokupatsani yoyandikira. Kumbukiraninso kuti MyFonts ndi sitolo yogulitsa mafonti, motero zimene imakuonetsani zimachokera pa katundu wake. Ine idandipatsa maina angapo, ndipo awiri amene ndidawakhulupirira anali Helvetica ndi Arial.

Awiriwa ndi ovuta kuwasiyanitsa, ndipo pali chifukwa chake. Helvetica idapangidwa ku Switzerland mu 1957 ndi Max Miedinger. Arial idapangidwa ndi kampani ya Monotype mu 1982, ndipo kutambalala kwa zilembo zake nkofanana ndi kwa Helvetica, moti chiganizo chimodzi chimatenga malo ofanana m'mafonti onse awiri. Kuyeza kutalika kwa mzere sikungakuthandizeni. Chothandiza ndi kupenyetsetsa zilembo zochepa zimene zimaulula.

Yambani ndi R wamkulu. Mu Helvetica mwendo wake wakumanja umatsika pafupifupi choongoka, nkupindika pang'ono pansi. Mu Arial mwendowo umatayikira kumbali ngati munthu woponda sitepe yaitali. G wamkulu wa Helvetica ali ndi kamchira kotsikira pansi kumanja kwake, pomwe wa Arial alibe. Pa zilembo zazing'ono yang'anani t: mutu wake mu Helvetica ngwodulidwa mopingasa, mu Arial ngwodulidwa mopendeka ngati nsonga ya bango. Chimodzimodzinso nsonga za C, S ndi e: mu Helvetica zimathera mopingasa, mu Arial mopendeka. Mwayi wanga unali wakuti mutu wa positala uja unali ndi G koyambirira ndi R awiri m'mawu akuti OTHIRIRA. G analibe kamchira, ndipo miyendo ya R inali yotayikira kumbali. Inali Arial Bold, fonti imene ili pa kompyuta iliyonse ya Windows. Sindidagule kanthu.

Njira yomweyi imagwira pa mafonti ena onse, ndipo zilembo zimene ndimayamba kuona ndi a, g, y, R, Q, M ndi nambala 1. Kodi a ali ndi denga pamwamba, kapena ngwozungulira ngati wolemba pamanja? Kodi g ali ndi mimba imodzi kapena ziwiri? Kodi kumapeto kwa mizere kuli timapazi, monga mu Times New Roman, kapena kulibe? Webusaiti ya Identifont imafunsa mafunso otere limodzilimodzi mpaka maina atatsala ochepa, ndipo imathandiza kwambiri chithunzi chikakhala chofufutika moti makina ena aja alephera. Zilembo monga I, L, H ndi U sizinena zambiri, choncho musatayirepo nthawi.

Kudziwa dzina ndi theka chabe la ntchito. Mawu atsopano ayenera kufanana ndi akale pa kukula komanso pa katalikirana ka zilembo, apo ayi chigamba chimaonekera patali. Pa chithunzi choyambirira, chosakulitsa, ndidayeza H kuchokera pansi mpaka pamwamba, nkupeza mapikiseli 43. Nambala imeneyi si kukula kwa fonti, chifukwa kukula kumene mumalemba m'pulogalamu kumawerengeranso malo a pamwamba ndi a pansi pa chilembo. Mu Arial chilembo chachikulu chimatenga pafupifupi 0.716 ya kukulako. Ndidagawa 43 ndi 0.716, yankho nkukhala 60, ndipo ndidalemba mutuwo pa mapikiseli 60. Chenjerani kuti mapikiseli ndi mapointi nzosiyana: pa muyeso wa masiku onse wa Windows, mapointi 12 ndi mapikiseli 16.

Tsopano chiyeso chimene ine ndimachikhulupirira koposa mawebusaiti onse aja. Lembani mawu omwewo a m'chithunzi ndi fonti mwaisankhayo, muwapatse mtundu wofiira, muwachepetse mphamvu kufika 50 peresenti kuti zapansi zizionekera, kenako muwasanjike pamwamba pa akalewo. Photoshop imatha izi, nayonso GIMP yaulere imatha. Linganizani chilembo choyamba, muyang'ane chomaliza. Kwa ine G adakhala bwinobwino pa G mnzake, koma pofika pa A womaliza mawu anga adaperewera ndi mapikiseli 42. Chilembo chilichonse pachokha chinali chofanana ndi chinzake, kungoti zinkatsalira pang'onopang'ono. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti fonti njolondola koma wokonza uja adatalikitsa zilembo. Mzerewo uli ndi zilembo ndi mipata 22, ndiye kuti pali malo 21 pakati pake, ndipo 42 kugawa ndi 21 ndi mapikiseli 2. Nditawonjezera 2 pa katalikirana, zonse zidagona pamodzi.

Zikadakhala kuti zilembo zina zikukwana zina zikutuluka m'mbali, ndikadadziwa kuti fonti njolakwika. O akaoneka wophwatalala ndipo mizere yoima yanenepa mosayenerana ndi yopingasa, ndiye kuti wina adakoka mawuwo ndi mausi kuti adzaze malo, zimene zimachitika kwambiri pa mapositala athu. Zikatero bwezani kaye chithunzicho m'thupi lake musanachipereke kwa makina.

Pali chinthu china chokhudza ife olemba Chichewa. Mzere wa m'munsi wa positala ija unali wa fonti ina, ndipo munali mawu akuti Loŵeruka, olembedwa ndi ŵ wa kachipewa. Nditakulitsa ndidaona kuti ŵ yekhayo anali woonda kusiyana ndi anzake. Fontiyo idalibe chilembochi, kompyuta nkubwereka cha fonti ina mwakachetechete. Chilembo chobwerekachi chimasokeretsa makina ozindikira, choncho chichotseni pa kachidutswa komwe mukutumiza. Ndipo fonti iliyonse imene mwasankha, iyeseni kaye ngati ili ndi ŵ ndi Ŵ. Mu Word lembani `0175` nkudina `Alt+X`, chilembocho chituluka. Arial ili nacho, koma mafonti ambiri okometsera aulere alibe.

Fonti ya mzere umenewo sindidaipeze ndendende. Inkafanana ndi Gotham, imene njogula, ndipo yoyandikira yaulere inali Montserrat ya pa Google Fonts, yomwe zilembo zake nzotambalala pang'ono. Zikafika potere musasakanize. Kusintha nambala ziwiri zokha ndi fonti yongofanana kumaoneka ngati dzino lagolide pakati pa oyera. Ndidafufuta mzere wonse nkuulembanso mu Montserrat, ndipo palibe mlimi adaona kusiyana. Kutsitsa fonti yogula pa mawebusaiti akuba sindikulimbikitsa: ndi ntchito ya eni ake, komanso mafayilo otere amabwera ndi mavairasi.

Luso limeneli ena amaligwiritsa ntchito posintha ndalama pa sikirinishoti ya malipiro a pafoni kapena magiredi pa satifiketi. Kumeneko nkuba, ndipo wobwera ndi ntchito yotere pa ine amabwerera nayo. Inu amalonda, musapereke katundu poona chithunzi chokha, dikirani uthenga ulowe pa foni yanu.

Mlembi uja ndidampatsa positala yake, fayilo yotheka kusintha, ndi kapepala kolembapo maina a mafonti awiriwo ndi kukula kwake. Nanunso mukakonzetsa positala, khadi la ukwati kapena chikwangwani cha sitolo, musachoke musanafunse dzina la fonti, ndipo mulilembe pamalo posasowa.