Mizere iwiri imene imauza mzamba kuti nthawi yatha

Mayi akalowa m'chipinda chochilira, mzamba amatenga pepala lokhala ndi timabokosi tambirimbiri n'kuliika pafupi ndi bedi lake. Pepalalo ndi patogirafu, ndipo ntchito yake ndi kuonetsa pa tsamba limodzi mmene matenda akuyendera, mmene mwana alili m'mimba, komanso mmene mayi akupiririra. Pakati pake pali mizere iwiri yopendekeka. Woyamba ndi mzere wochenjeza, wachiwiri ndi mzere wochitapo kanthu. Ambiri amene amaphunzira kuwerenga pepalali maso awo amathera pa mizere imeneyi, koma mizere payokha imangonena kuti mayi wachedwa. Chimene chamuchedwetsa chimawerengedwa m'timabokosi ta pamwamba ndi ta pansi, ndipo mzamba wosayang'ana kumeneko angathe kupereka thandizo lolakwika.

Mizereyi inabadwira kwathu konkuno kummwera kwa Afirika. Mu 1954 dokotala wa ku Amereka, Emanuel Friedman, anajambula mmene khomo la chiberekero limatsegukira ola ndi ola. Koma amene anaikapo mizere iwiri ija ndi Philpott ndi Castle mu 1972, ku dziko limene lero ndi Zimbabwe. Vuto lawo linali lodziwika kwa aliyense wogwira ntchito kumudzi: madokotala ochepa, zipatala zazing'ono zili kutali, ndipo mzamba ayenera kudziwa nthawi yotumiza mayi kuchipatala chachikulu zinthu zisanafike poipa. N'chifukwa chake pakati pa mizere iwiriyi pali mpata wa maola 4. Mpatawo ndi wa ulendo wa ambulansi ndi wokonzekera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linayesa pepalali pa amayi oposa 35,000 ku Indonesia, Malaysia ndi Thailand, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 1994 zinaonetsa kuti amayi odwala matenda kupitirira maola 18 anatsika kuchoka pa 6.4 kufika pa 3.4 mwa amayi 100 alionse.

Pa patogirafu imene WHO inaikonzanso m'chaka cha 2000, kulemba kumayamba khomo la chiberekero likatseguka masentimita 4. Mzere wochenjeza umayambira pa 4 pomwepo n'kukwera sentimita imodzi pa ola mpaka pa 10, pamene njira yatseguka yonse. Mzamba amapima njira maola 4 alionse n'kulemba X. Lamulo lofunika n'lakuti X woyamba amaikidwa pa mzere wochenjeza penipeni. Mayi akabwera ali pa masentimita 6, X amapita pamene mzerewo wadutsa pa 6, ndipo nthawi imalembedwa pansi pake. Wina akaika X ameneyu kumayambiriro kwa tsamba, mayi amaoneka ngati ali patsogolo ndi maola 2, ndipo kuchedwa kwake kumabisika kwa maola omwewo.

Tiyerekeze mayi wa mimba yoyamba amene wafika pachipatala chaching'ono 8 koloko m'mawa, njira itatseguka masentimita 4. Ngati zonse zikuyenda, pofika 12 koloko masana ayenera kukhala pa 8 kapena kupitirira, ndipo X wake adzakhala pa mzere wochenjeza kapena kumanzere kwake. Apo palibe chosintha: mayi aziyendayenda, azimwa madzi, azikodza pafupipafupi, mzamba azipitiriza kumuyang'anira.

Koma tinene kuti 12 koloko yakwana ndipo mzamba wapeza masentimita 6 okha. Pa 6 mayiyu amayenera kufika 10 koloko. X wagwera kumanja kwa mzere wochenjeza, pakati pa mizere iwiri ija. Izi sizitanthauza kuti mayi kapena mwana ali pangozi nthawi yomweyo, koma pachipatala chopanda chipinda cha opaleshoni tanthauzo lake ndi limodzi: aitane ambulansi tsopano, pokhapokha ngati mwana watsala pang'ono kubadwa. Mzere wochitapo kanthu umadutsa pa masentimita 6 nthawi ya 2 koloko masana. Ndiye kuti mzamba watsala ndi maola 2, ndipo msewu wa nthawi ya dzinja umadya maola amenewo mosavuta. Kudikira kuti X akhudze kaye mzere wachiwiri ndiko kulakwa kumene kumapweteketsa amayi ambiri, chifukwa mzere umenewo unajambulidwa kuti upeze mayi ali kale pamalo pamene thandizo lonse lilipo.

Tsopano mayi uja wafika kuchipatala cha boma, 2 koloko yakwana, njira idakali pa 6. X ali pa mzere wochitapo kanthu. Apa dokotala kapena mzamba wamkulu ayenera kumupima yekha n'kugamula chochita. Ndipo apa ndi pamene amayi awiri okhala ndi ma X ofanana ndendende angafunike thandizo losiyana kotheratu.

Poyamba maso apite pa timabokosi ta kukungika kwa chiberekero. Mphindi 30 zilizonse mzamba amaika dzanja pamimba kwa mphindi 10 n'kuwerenga kuti chiberekero chakungika kangati, komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Kukungika kosafika masekondi 20 kumalembedwa ndi timadontho, kwa masekondi 20 mpaka 40 ndi timizere topendekeka, ndipo kopitirira 40 kabokosi kamadetsedwa konse. Matenda abwino ndi pamene chiberekero chikukungika katatu kapena kanayi m'mphindi 10, kulikonse kopitirira masekondi 40. Kenaka maso apite pa O, amene amaonetsa kutsika kwa mutu wa mwana. Mzamba amapima ndi zala zisanu pamwamba pa fupa la pachinena: mutu wonse ukamamveka pamimba amalemba 5/5, ukalowa mpaka kutsala zala ziwiri amalemba 2/5, ukalowa wonse 0/5. Pa tsamba labwino ma X amakwera pamene ma O akutsika.

Mayi woyamba tsamba lake likuonetsa kukungika kuwiri kokha m'mphindi 10, kwa timadontho ndi timizere. Mutu watsika kuchoka pa 3/5 kufika pa 2/5. Mafupa a mutu wa mwana sanakwerane, mtima wake ukugunda ka 140 pa mphindi, ndipo nsupa sinasweke. Uyu wachedwa chifukwa chiberekero chilibe mphamvu; njira ilipo. Amamupatsa madzi, amaonetsetsa kuti chikhodzodzo chilibe mkodzo, angathe kuswa nsupa, ndipo ngati sizikusintha amamuika diripi ya okisitosini, kuyamba pang'ono n'kumakweza mpaka kukungika kufike katatu kapena kanayi. Kawirikawiri mayi wotere amachira bwinobwino.

Mayi wachiwiri timabokosi take tadetsedwa: kukungika kanayi m'mphindi 10, kwamphamvu. Koma O waima pa 3/5 kuyambira m'mawa. Pa mzere wa kukwerana kwa mafupa a mutu panali +, kutanthauza kuti mafupa angokhudzana, kenaka ++, akwerana koma akhoza kulekanitsidwa ndi chala, ndipo tsopano pali +++, akwerana osabwereranso. Pa mzere wa madzi a nsupa panali C, madzi oyera, tsopano pali M, kusonyeza kuti mwana wachita chimbudzi m'mimba. Mtima wa mwana, umene umayenera kukhala pakati pa 110 ndi 160, unakwera kufika 170 ndipo tsopano ukumatsika pansi pa 110. Mtima wa mayi nawo ukuthamanga, mkodzo ndi wochepa ndipo muli magazi. Chiberekero cha mayiyu chikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, koma mutu sukukwana m'mafupa a m'chiuno kapena wagona molakwika. Ameneyu akufunika opaleshoni mwamsanga. Kumupatsa okisitosini kuli ngati kukwapula ng'ombe zimene ngolo yake yakanirira pa chitsa: chothyoka ndi goli. Chiberekero chikhoza kuphulika, mwana akhoza kutayika, ndipo mayi akapulumuka angatsale ndi fisitula, chifukwa mutu unapanikiza chikhodzodzo pa fupa kwa maola ambiri mpaka mnofu kufa.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira mzere uliwonse. X akhoza kukhala kumanzere bwinobwino, koma mtima wa mwana ukatuluka m'malire aja, mayi agonekedwe chakumanzere, diripi ya okisitosini ngati ilipo itsekedwe, ndipo dokotala aitanidwe. Kukungika kopitirira kasanu m'mphindi 10 kumam'mana mwana mpweya; kumabwera ndi okisitosini wochuluka, komanso ndi mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda monga mwanamphepo. Pa ichi tiyenera kunena mosabisa kuti gadiyani amene wamwetsa mayi mankhwala otere auze azamba, ngakhale akuopa kudzudzulidwa, chifukwa popanda kudziwa zimenezo tsambalo limawerengedwa molakwika. B pa mzere wa madzi a nsupa ndi magazi, ndipo akhoza kusonyeza kuti nsengwa yayamba kumatuka. Kutentha kwa thupi kofika madigiri 38, makamaka nsupa itasweka kalekale, kumaloza ku tizilombo tolowa m'chiberekero. Kuthamanga kwa magazi kofika 140/90 kumafuna kuti mkodzo upimidwe. Choopsa kwambiri ndi pamene kukungika kwamphamvu kwasiya mwadzidzidzi, mtima wa mayi ukuthamanga, wa mwana sukumveka. Wosadziwa amaona ngati mayi wapumako, pamene chiberekero chaphulika.

Chiwerengero cha sentimita imodzi pa ola nachonso chili ndi malire ake. Mu 2018 WHO inanena kuti amayi ambiri athanzi amatseguka pang'onopang'ono kuposa pamenepo, makamaka asanafike masentimita 5, ndipo kudutsa mzere wochenjeza pakokha si chifukwa choikira diripi kapena kuthamangira ku opaleshoni. Mu 2020 bungweli linatulutsa tsamba latsopano limene limayambira pa masentimita 5 ndipo lilibe mizere yopendekeka. M'malo mwake sentimita iliyonse ili ndi malire ake: maola 6 pa masentimita 5, maola 5 pa 6, maola 3 pa 7, maola awiri ndi theka pa 8, ndi maola 2 pa 9. Kwa ine kusinthaku sikuchotsa nzeru ya Philpott. Mzamba amene ali yekha usiku, kutali ndi chipinda cha opaleshoni, akufunikabe chomuuza kuti ayambe kukonza ulendo. Chimene chatsimikizika n'chakuti chigamulo cha thandizo chichokere pa tsamba lonse.

Ndipo tsamba lonselo limathandiza ngati lalembedwa pa nthawi yake. Mzamba mmodzi akamayang'anira amayi angapo nthawi imodzi, kumvetsera mtima wa mwana aliyense mphindi 30 zilizonse kumakhala kovuta, ndipo n'zodziwika kuti masamba ena amadzazidwa mwana atabadwa kale. Tsamba lotero silinachenjeze aliyense. Akuluakulu a zipatala akamaona mafayilo, asamangoyang'ana ngati timabokosi tadzaza. Aziona chimene chinachitika X atadutsa mzere, ndi kuti panatenga nthawi yaitali bwanji. Nanu agadiyani, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Asisitala, njira yafika pati, nanga mutu ukutsika?" Akakuuzani kuti wodwala wanu atumizidwa kuchipatala chachikulu pamene iye akuonekabe wamphamvu, musakane ndipo musayambe kudikira chilolezo cha kumudzi. Longedzani katundu mukwere ambulansi.