Sivi ya zigamba: kuyala zigawo, kuwongola madeti

Malonda a ntchito akatuluka m'nyuzipepala, tsiku lotsekera lili pafupi, ambiri salemba sivi yatsopano. Amatapa ndime mu sivi yakale, ina pa tsamba lawo la LinkedIn, ina m'kalata ya umboni yochokera kwa bwana wakale, n'kuzimata pamodzi. Chotuluka chimakhala ngati malaya a zigamba: apa zilembo zazikulu, apo zazing'ono, maphunziro ali pakati pa ntchito.

Choyamba n'kuchotsa maonekedwe amene ndime iliyonse yabwera nawo. Mu Microsoft Word, pomata pali mwayi wosankha Keep Text Only, ndipo amalowa ndi mawu okhaokha. Ngati zamatidwa kale, Ctrl+A imasankha zonse, kenako Ctrl+Space imabwezera zilembo mwakale. Zikatero, mzere uliwonse upite kwawo: mayina ndi nambala ya foni pamwamba, kenako Work Experience, Education, Skills, ndipo Referees kumapeto. M'chigawo chilichonse, za posachedwa ndizo zimatsogola. Satifiketi ya MSCE ikhale pansi pa dipuloma.

Koma pamene pagona nkhani ndi pa madeti.

Tiyerekeze kalaliki wosunga katundu amene wagwira ntchito malo atatu. Sivi yake yomata ikuti "2016-19" pa ntchito yoyamba, "03/04/2019 to date" pa yachiwiri, ndi "since Jan 22" pa yachitatu. Deti lachiwirilo m'Malawi amaliwerenga kuti 3 Epulo, pamene wa ku Amereka amaliwerenga kuti 4 Malichi. "Jan 22" nayo ingakhale chaka cha 2022 kapena tsiku la 22 Januwale. Choopsa kwambiri ndi "to date". Mawuwa anali oona pamene sivi yakale inkalembedwa, koma kalalikiyu adachokako mu Disembala 2021. Akawasiya, wolemba ntchito aona munthu amene ali pa ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndipo ayamba kukayika zina zonse.

Mankhwala ake n'kusankha kalembedwe kamodzi: mwezi m'mawu, chaka m'manambala anayi, tsiku osalilemba. Mwezi uliwonse autsimikize poyang'ana kalata yomulemba ntchito, kalata yosiyira, kapena mapepala a malipiro, osati pongokumbukira. Madeti ake atuluka chonchi:

```
Jan 2022 – Present
Apr 2019 – Dec 2021
Feb 2016 – Mar 2019
```

Powerenga kuchokera pansi, ntchito iliyonse ikuyamba pamene inzake yathera, ndipo "Present" akupezeka kamodzi kokha. Ngati ntchito ziwiri zidayenderadi limodzi, mwina ina inali yamadzulo, alembe "part-time" pambali pake. Pakakhala mpata wa miyezi, asautseke potalikitsa deti, chifukwa wolemba ntchito akaimbira foni bwana wakale bodzalo limaonekera.

Madetiwa aimikidwe mbali ya kumanja ndi Tab, osati pogogoda Space kambirimbiri, chifukwa mipata yotero imasokonekera pa kompyuta ina. Ctrl+Shift+8 imaonetsa mipata yobisikayo ngati timadontho. Zonse zikalongosoka, fayilo isungidwe ngati PDF isanatumizidwe.