Fayilo ya Ndalama za pa Foni Ikabwera Yopanda Kanthu

Aliyense amene amalipira ngongole kapena fizi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amasiya mapazi m'mabuku awiri. Loyamba ndi la kampani ya foni, lachiwiri ndi la bungwe limene walilipira. Mabungwe ambiri amaika pulogalamu ya pa kompyuta yodzuka yokha usiku uliwonse kuti ifananitse mabuku awiriwa. Imatenga fayilo ya sitetimenti yochokera ku kampani ya foni, n'kuyang'ana nambala ya malipiro alionse, ndalama zake ndi nthawi yake, kuti ione ngati zikugwirizana ndi zimene bungwe linalemba.

Vuto limabuka usiku umene fayiloyo sinafike, kapena yafika mulibe kanthu.

Tiyerekeze bungwe lobwereketsa ndalama limene Lachiwiri lalemba malipiro 312, okwana K9,450,000. Nthawi ya 3 koloko m'bandakucha wa Lachitatu pulogalamu yadzuka, yapeza fayilo ya dzina loyenera, `statement_0311.csv`, koma mkati mwake mulibe ngakhale mzere umodzi. Pulogalamu yolembedwa mosasamala ili ndi njira ziwiri zolakwira apa. Ikamayambira ku buku la bungwe, imafunafuna malipiro 312 aja m'fayilo, osapeza ndi amodzi omwe, ndiye imawalemba onse kuti ndi okayikitsa. Ngati inapatsidwanso mphamvu yofafaniza malipiro osatsimikizika, kukacha amayi amene anabweza ngongole yawo dzulo masana amalandira uthenga woti ali ndi ngongole ndipo chindapusa chayamba.

Kulakwa kwachiwiri ndiko koopsa kwambiri chifukwa sikuchita phokoso. Pulogalamu ikamayambira ku fayilo, imawerenga mizere yonse imene ilimo, imene ndi ziro, ndipo sipeza wosemphana ndi buku la bungwe. Lipoti limatuluka loyera kuti zonse zagwirizana. Wowerengera ndalama amasaina, chonsecho palibe khobidi limene layang'anidwa, ndipo ngati tsiku limenelo wina analemba malipiro abodza kapena malipiro ena analowa kawiri, zimadzaoneka kumapeto kwa mwezi.

Zoyambitsa zake nthawi zambiri ndi zazing'ono. Netiweki imaduka fayilo ili m'njira, dzina n'kulembedwa koma zamkati osafika. Malo osungira pa seva amadzaza. Mawu achinsinsi olowera amatha ntchito. Palinso nkhani ya wotchi: makina ambiri amayendera nthawi ya UTC, imene imatsalira maola awiri kumbuyo kwa nthawi ya ku Malawi, choncho tsiku lawo limatha 2 koloko usiku kuno kwathu. Pulogalamu yodzuka 1 koloko imakhala ikufuna fayilo ya tsiku limene kumeneko silinathe.

Pulogalamu yabwino isanafananitse chilichonse imayenera kusiyanitsa zinthu zitatu: fayilo kulibe, fayilo ilipo koma ndi yopanda kanthu, ndi tsiku limene kunalibedi malipiro. Chachitatuchi chimachitika ndithu, makamaka pa akaunti yaing'ono tsiku la tchuthi, koma chimabwera ndi umboni wake. Fayilo yokonzedwa bwino imakhala ndi mzere wa pamwamba wonena tsiku, ndi mzere wa pansi wonena chiwerengero cha malipiro ndi ndalama zonse pamodzi, ngakhale zitakhala 0. Fayilo yosowa mzere wapansiwo siyenera kukhulupiriridwa, ngakhale mutakhala mizere 200, poti mwina yaduka pakati.

Umboni wina uli m'ndalama zotsala mu akaunti. M'chitsanzo chija, tinene kuti Lachiwiri linayamba ndi K2,100,000 ndipo linatha ndi K11,550,000, popanda zotuluka. Kusiyana kwake ndi K9,450,000 ndendende. Fayilo ikuti palibe chinachitika, akaunti ikuti ndalama zalowa. Wabodza apa ndi fayilo.

Zikatero pulogalamu iyenera kuima, osakhudza malipiro a munthu aliyense. Ilembe tsikulo kuti likudikira sitetimenti, iyesenso kutenga fayilo ola lililonse, ndipo ikafika nthawi imene anagwirizana, monga 7 koloko m'mawa, itumize uthenga kwa munthu wodziwika ndi udindo wake amene angaimbire kampani ya foni kapena kukatsitsa sitetimenti ndi manja. Uthenga wopita ku imelo imene palibe amaitsegula ndi chimodzimodzi kusatumiza.

Fayilo yeniyeni ikafika, mwina Lachinayi, pamakhala msampha womaliza. Tsiku la Lachiwiri liyenera kuyendetsedwanso, ndipo pulogalamu izigwiritsa ntchito nambala ya malipiro alionse ngati chizindikiro, kuti imene inalembedwa kale isalembedwenso. Kupanda kutero, malipiro 312 aja amasanduka 624, ndipo buku limaonetsa K18,900,000 pamene mu akaunti munalowa theka lake.