Denga limayamba kudontha pa msomali

Mvula yoyamba ikagwa m'nyumba n'kuyamba kudontha, ambiri amathamangira kunena kuti malata atha. Kawirikawiri lata limakhala lidakali bwino. Chavuta ndi kabowo kamene msomali unadutsa.

Dzuwa la mu Okutobala likawomba, lata limafutukuka, usiku n'kubwerera. Kuthetheka kumene mumamva padenga masana ndi komweko. Nalo thabwa la pansi, makamaka ngati linakhomedwa lili laliwisi, limauma n'kuutaya msomali. Msomali ndi wosalala, ulibe pogwirira, choncho umazuka pang'onopang'ono mpaka chipewa chake kusiya mpata woti madzi alowe. Kuumenyanso ndi hamala kumangothandiza nyengo imodzi, ndipo nthawi zina kumaphwanya msana wa lata n'kupanga kachithaphwi.

Sikuluwu ili ndi mazinga amene amaluma thabwa, ndiye sizuka msanga. Ndi yodula kuposa misomali ndipo imafuna makina omangira, koma kwa ine ndalama imeneyo siipita pachabe, makamaka m'mphepete mwa denga momwe mphepo imayambira kusasula.

Chimene chimatseka madzi kwenikweni ndi kamphira kakuda kokhala pansi pa mutu wa sikuluwu. Funsani ka mtundu wa EPDM, kamene kamapirira dzuwa. Mphira wamba amauma n'kung'aluka. Pomanga, sikuluwu ilowe chilili pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi, ndipo ilowe m'thabwa mamilimita osachepera 30. Mmisiri asiye kumanga kamphira kakangofinyika pang'ono. Kakamazungulira mukakagwira ndi chala, sikanagwire. Kakatuluka m'mbali ngati nsima yofinyidwa m'manja, kapyola muyeso, ndipo kang'ambika posachedwa.

Dzimbiri nalo limayambira pomwepo. Lata limatetezedwa ndi zinki wopyapyala amene anakutira chitsulo, ndipo pobowola, timaphuphusi ta chitsulo timagwera padenga. Tikagona pamenepo n'kunyowa ndi mame, m'mawa mumapeza timadontho tofiira tomwe timadya utoto ndi zinki. Denga lisesedwe ndi burashi yofewa tsiku lomwelo ntchito ikatha. Sikuluwu nazo zikhale zokutidwa ndi zinki wokwanira, chifukwa zotchipa zimachita dzimbiri lata lisanakalambe, n'kumatsitsira mizere yofiira m'munsi.

Tiyerekeze kuti msomali umodzi wazuka ndipo pozungulira pafiira. Uzuleni mutatsamiritsa hamala pa kathabwa kuti lata lisaphwanyike. Palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, pukutani, pakani utoto woyamba wokhala ndi zinki, ndipo ukauma lowetsani sikuluwu yonenepa ndi yotalika kuposa msomali uja kuti ilume thabwa latsopano. Ikamangozungulira osagwira, thabwalo lawola, liyenera kusinthidwa. Phula amene ambiri amamata pamutu pa msomali amang'aluka ndi dzuwa, madzi n'kumabisala pansi pake, dzimbiri likupitirira osaoneka.