Kudziwongola Pabwalo la Mpira: Kogwira Malo Amodzi Kapena Koyenda?

Madzulo a mwezi wa Juni, pabwalo la sukulu ina ku Dedza, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Anyamata a timu ya m'deralo afika, ena panjinga ena wapansi, ndipo akhala mozungulira pafumbi atatambalitsa miyendo. Aliyense waweramira kutsogolo, manja akusakasaka zala zakumapazi, uku kapiteni akuwerenga mokweza. Akamaliza aimirira, apinda mwendo n'kugwira phazi kumbuyo, chitendene chitagunda thako. Kuwerenga kuyambiranso. Mphindi 15 zatha chonchi, pamphumi popanda ndi dontho lomwe la thukuta, m'mikono muli tsembwe. Kenako wezulo ilira, ndipo wosewera wakutsogolo athamangira mpira woyamba ndi liwiro lake lonse.

Mwambo umenewu umachitika pamabwalo ambiri, ndipo ochita amati atenthetsa thupi. Koma thupi silinatenthe. Zimene achitazo n'zabwino ndithu, kungoti aziika pamalo olakwika.

Kudziwongola kumene osewera amachita kuli kwa mitundu iwiri ikuluikulu. Koyamba ndi kuja kwa anyamata a ku Dedza: munthu amakoka mnofu mpaka pamene akumva kuti wakungika, n'kuugwira pomwepo osasuntha kwa masekondi angapo. Uku tikutche kudziwongola kogwira. Kwachiwiri n'koyenda. Mwendo kapena mkono umapititsidwa uku ndi uku mobwerezabwereza, osaima paliponse, ndipo ulendo uliwonse umafika patali pang'ono kuposa woyamba. Wosewera amene wagwira phewa la mnzake n'kumaponya mwendo kutsogolo ndi kumbuyo ngati katungwe akuchita kudziwongola koyenda. Kusiyana kwake n'kwakuti pa kogwira mnofu umangokokedwa uli phee, pamene pa koyenda mnofuwo umagwira ntchito, mtima umagunda mofulumira ndipo thupi limafunda.

Kudziwongola kogwira kunatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980, makamaka chifukwa cha buku la Bob Anderson wa ku America, lodzaza ndi zithunzi zosonyeza makokedwe a minofu. Aphunzitsi a masewera padziko lonse anakhulupirira kuti mnofu wokokedwa bwino masewera asanayambe sungang'ambike. Zinkamveka zanzeru, moti kwa nthawi yaitali anthu sanadzivute kufufuza ngati zinali zoona.

Amene anayesa mwakhama ndi Rodney Pope ndi anzake ku Australia, ndipo zotsatira zawo zinatuluka mu 2000. Anatenga anyamata 1,538 ongolowa kumene usilikali n'kuwagawa pawiri. Kwa masabata 12, magulu onse awiri ankatenthetsa thupi asanayambe zolimbitsa thupi, koma gulu limodzi linkawonjezera kukoka magulu asanu ndi limodzi a minofu ya m'miyendo, lililonse masekondi 20. Pamapeto pake, kuvulala kwa miyendo kunachitika ka 158 mwa okoka minofu, ndi ka 175 mwa osakoka. Pagulu lalikulu chonchi, kusiyana kumeneku n'kochepa kwambiri moti kukhoza kungochitika mwamwayi. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti anyamata amene analowa usilikali ali ndi mpweya wochepa pothamanga ndiwo ankavulala kwambiri.

Chaka chomwecho ku Canada, Jonathon Fowles ndi anzake anafunsa funso lina: kodi mnofu ukakokedwa nthawi yaitali, mphamvu zake zimatani? Anakoka katumba wa kumwendo kwa pafupifupi theka la ola, kenako anayeza. Mphamvu zinali zitatsika ndi 28 peresenti, ndipo patatha ola lathunthu zinali zisanabwerere zonse. Zifukwa zake zilipo ziwiri. Mnofu ndi mtsempha wake zimagwira ntchito ngati mphira ya legeni, ndipo mphira ikakhala chikokedwere kwa kanthawi imaponya mwala mofooka. Chachiwiri chili m'mitsempha yotumiza uthenga: mnofu ukakokedwa nthawi yaitali, ubongo umachepetsa kaye mphamvu ya lamulo limene umatumiza kuti mnofuwo ukungike.

Nkhaniyi itafala, ena anayamba kuona kudziwongola kogwira ngati chiphe. Pamenepa anapitirira muyezo, chifukwa palibe wosewera amene amakoka katumba mmodzi theka la ola asanalowe m'bwalo. Mu 2016 David Behm ndi anzake atatu anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa nkhaniyi, ndipo anapeza kuti chinsinsi chagona pa kutalika kwa nthawi. Mnofu ukagwiridwa masekondi 60 kapena kuposa, mphamvu ndi liwiro zimatsika ndi pafupifupi 4.6 peresenti. Ukagwiridwa nthawi yochepera apo, zimatsika ndi 1 peresenti yokha. Kudziwongola koyenda kumakweza pang'ono, ndi 1.3 peresenti. Manambalawa ndi aang'ono, ndipo munthu wongothamanga m'mawa kuti achepetse mimba sangawamve n'komwe. Koma kwa wosewera wakumbuyo amene akulimbirana mpira ndi mnzake pa mtunda wa mamita 20, kuchedwa ndi phazi limodzi kumabala chigoli.

Choipa chenicheni cha mwambo wa ku Dedza uja sichili pa maperesenti. N'chakuti mphindi 15 zimene zikanafunditsa thupi zathera pansi pozizira. Mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu, umene umavutitsa osewera mpira ambiri, kawirikawiri umang'ambika munthu ali pa liwiro, pamene mwendo waponyedwa kutsogolo ndipo phazi latsala pang'ono kuponda pansi. Nthawi imeneyo mnofu ukutalika uku ukugwira mabuleki mwamphamvu. Kukhala pansi n'kugwira zala zakumapazi sikuuphunzitsa ntchito imeneyi. Chimene chimaukonzekeretsa ndi kuuyendetsa momwemo, poyamba pang'onopang'ono, kenako mofulumira.

Timu yomwe ija ikhoza kugwiritsa ntchito mphindi zomwezo motere, popanda kugula chilichonse. Mphindi zisanu zoyambirira n'zothamanga mwakachetechete m'lifupi mwa bwalo, kupita chakutsogolo, kubwerera chafutambuyo, kenako cham'mbali. Ngati kukuzizira ngati mu Juni, awonjezere mphindi ziwiri kapena zitatu, majuzi asanavule. Chizindikiro chakuti zakwana ndi kathukuta pamphumi ndi mpweya wokwera pang'ono, koma munthu akutha kulankhula.

Apa m'pamene kudziwongola koyenda kumalowa, kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Osewera aima awiriawiri, wina agwira phewa la mnzake n'kuponya mwendo kutsogolo ndi kumbuyo kakhumi, kenako cham'mbali kakhumi, n'kusintha mwendo. Maulendo atatu oyamba mwendo usakwere kuposa bondo. Uzikwera pang'onopang'ono, msana uli chilili. Kochi akaona wina akupinda msana kapena akugwedezeka thupi lonse kuti mwendo ufike kumwamba, adziwe kuti ameneyo wasiya kudziwongola, wayamba kudzikoka mwankhanza, ndipo ambweze. Akatero ayende mamita 15 akutukula bondo n'kulizunguliza kunja ngati akudumpha kampanda, pobwerera alizungulize chamkati. Zimenezi zimamasula chiuno ndi mphechepeche. Atsirize ndi kuyenda mapazi ataliatali, bondo lakumbuyo likutsikira pafupi ndi nthaka, lakutsogolo litaloza kumene zala zaloza, osagwera mkati.

Mphindi zitatu zomaliza n'zaliwiro: kuthamanga mamita 30 kanayi, koyamba ndi theka la liwiro, komaliza pafupifupi lonse, n'kuwonjezerapo kuima mwadzidzidzi ndi kutembenuka. Gawo limeneli ndi limene matimu ambiri amadumpha, chonsecho ndilo limafanana kwambiri ndi mpira weniweniwo.

Dongosolo lotere si lachilendo. Mu 2006 madokotala ogwira ntchito ndi FIFA anakonza ndondomeko yotenthetsera thupi yotchedwa 11+, ya mphindi 20: zisanu ndi zitatu zothamanga ndi kudziwongola koyenda, khumi zolimbitsa minofu ndi kuima mwendo umodzi, ziwiri zaliwiro. Itayesedwa ku Norway pa atsikana 1,892 a zaka 13 mpaka 17, matimu amene anaitsatira anavulala mocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kafukufuku wa mu 2014 pa anyamata a ligi ya achinyamata ku Lagos, ku Nigeria, anapezanso kuti kuvulala kunachepa. Tisanamizane apa: ulemu sukupita kwa kudziwongola koyenda kokha, chifukwa gawo lolimbitsa minofu ndilo lalitali mu ndondomekoyi.

Nanga kogwira kuja kupite kuti? Malo ake ndi kumapeto kwa zokonzekera, thupi likadali lofunda, kapena tsiku lapadera munthu atayenda kaye mphindi zingapo. Ntchito yake ndi kufutukula pamene chiwalo chimafika, ndipo imeneyi imaigwira bwino kwambiri. Malangizo a bungwe la madokotala a zamasewera la ku America amati mnofu ugwiridwe masekondi 10 mpaka 30, kubwereza mpaka onse pamodzi akwane 60, masiku awiri kapena atatu pa sabata. Achikulire amapindula akagwira masekondi 30 mpaka 60. Wosewera amene ntchafu zake n'zomangika akhoza kugona chagada, kukweza mwendo ndi thaulo lokoleka kuphazi, kugwira masekondi 30, kupuma, n'kubwerezanso. Pakatha masabata angapo mwendo umafika patali. Kusintha kwakukulu koyambirira kumachokera poti thupi lazolowera kukokako n'kusiya kukana msanga, osati poti mnofu watalika ngati chingwe.

Pokoka, munthu ayenera kumva kukungika pakati pa mnofu, ndipo azitha kupuma bwinobwino. Akagwira mpweya, akalumana mano kapena mwendo ukayamba kunjenjemera, ndiye kuti wapyola. Ululu wobaya pafupi ndi fupa, kapena dzanzi lotsikira kuphazi, ndi chenjezo loti asiye. Mnofu umene wangong'ambika kumene, pamene wosewera anamva ngati wagendedwa ndi mwala kumbuyo kwa ntchafu, usakokedwe ayi. Anzake amene amathamangira kudzamutukula mwendo amangokulitsa bala, ndipo iye akufunika kukaonedwa kuchipatala.

Chimene kogwira sikungachite ndi kuchotsa kuphwanya kwa thupi kwa mawa lake. Rob Herbert ndi anzake ataunika kafukufuku wa nkhaniyi mu 2011 anapeza kuti kukoka minofu, kaya masewera asanayambe kaya atatha, kumachepetsa ululu umenewo pang'ono zedi, mosati munthu n'kuzindikira.

Alipo osewera amene kukoka kogwira amakufunabe asanalowe m'bwalo. Goloboyi amene amatambasula miyendo potchinga mpira, kapena wosewera amene chiuno chake sichimasuka popanda kuchikoka, sayenera kuletsedwa. Achite atathamanga kale mphindi zisanu zija, agwire masekondi 20 kapena 30 pa mnofu uliwonse, kenako alowe m'gulu la anzake pa kudziwongola koyenda ndi paliwiro, kuti chomaliza thupi lisanakumane ndi mpira chikhale kuthamanga. Wosewera wapabenchi nayenso asaiwalike. Amene anatenthetsa thupi pamodzi ndi anzake, n'kukhala pansi mphindi 60 pamphepo ya ku Dedza, wazizira kale. Kochi akafuna kumulowetsa amudzutse kudakali mphindi zisanu kapena khumi, athamange m'mbali mwa bwalo, aponye miyendo, athamange mwaliwiro kawiri kapena katatu, kenako avule juzi.