Masewera Ofananitsa Makhadi kwa Okalamba

Masewerawa amathandiza munthu wokalamba kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndiponso kukumbukira zimene wangoona kumene.

Dulani katoni kuti mupange makhadi 8. Jambulanipo nkhuku, khasu, mtondo ndi nsomba, chithunzi chilichonse pa makhadi awiri. Zithunzizo zikhale zazikulu. Sakanizani makhadiwo, kenako muwavundikire pamphasa m'mizere iwiri.

Wosewera avundukule makhadi awiri. Akafanana, awatenge. Akasiyana, awavundikirenso pamalo omwewo, chifukwa malowo ndi amene ayenera kuwakumbukira. Mwachitsanzo, agogo avundukula nkhuku ndi khasu, n'kuzibwezera. Ulendo wotsatira akapeza nkhuku ina, musawalozere. Apatseni nthawi yoti akumbukire okha pamene panali nkhuku yoyamba ija.

Akamamaliza mosavuta, onjezerani makhadi 4. Akamakhumudwa, chepetsani makhadiwo kapena yambani zithunzi zonse zikuoneka. Akatopa, lekani.

Masewerawa sachiza matenda oiwalaiwala. Nthawi zina agogo amalephera chifukwa chakuti sakuona bwino, choncho sewerani pamalo owala. Kuiwala kukamakulirakulira, kaonaneni ndi dokotala. Akasokonezeka maganizo mwadzidzidzi, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.