Belu Langozi Likalira Kusukulu, Ndani Akusowa?

Mu Malichi 2001, moto unabuka usiku m'nyumba yogona anyamata pasukulu ya sekondale ya Kyanguli, ku Machakos m'dziko la Kenya, ndipo ophunzira 67 anafa. Limodzi mwa makomo a nyumbayo linali lokhoma, ndipo mazenera anali otchinga ndi zitsulo. Aliyense amene anagonerapo kusukulu kuno kwathu akuidziwa nyumba yotere: mabedi osanjikiza othinana, zitsulo zoletsa akuba pazenera lililonse, loko pakhomo kuti ana asazembe usiku, makandulo obisa m'masutukesi podikira kuti magetsi azime. Zimene timaika kuti titeteze ana kwa akuba ndi zomwezo zimene zimawatsekera mkati moto ukayaka.

Dongosolo lotulutsira ana pangozi si chikalata chachitali. Masamba awiri kapena atatu akwana, bola ayankhe kuti ana adziwa bwanji kuti kwaopsa, atulukira pati, akaima kuti, ndipo ndani adzatsimikiza kuti onse atuluka. Funso lotsirizali ndilo mutu wa zonse. Sukulu imene yatulutsa ana msanga koma siingathe kunena amene akusowa, ntchito yaigwira theka.

Tiyambe ndi chizindikiro. Sukulu zambiri belu lake ndi rimu ya galimoto yopachika pamtengo, ndipo imalira kangapo patsiku. Mwana akaimva amaganiza za phala kapena za kusintha kwa phunziro. Choncho kulira kwa ngozi kukhale kwakekwake, monga kuimenya mosalekeza kwa mphindi yathunthu, pamodzi ndi wisulo. Asamadalire belu lamagetsi lokha, chifukwa moto wambiri umayamba nthawi imene magetsi azima. Ndipo aliyense amene waona moto, kaya ndi mlonda, wophika kapena mwana wa Fomu 1, akhale ndi ufulu woliza belulo osayamba wakapempha chilolezo kwa ahedi.

Malo osonkhanira ambiri amangoti ndi pabwalo la mpira, nkhani yatha. Pamoto, bwalo limathandizadi: ndi poyera, ndi patali ndi nyumba, ndipo ana amalidziwa. Komabe pafunika kuyang'ana zinthu zingapo. Malowo asakhale pansi pa mawaya a magetsi, asatseke msewu umene galimoto zothandiza zidzalowere, ndipo asakhale kumene mphepo imakankhira utsi. Popeza mphepo imasintha, pakhale malo achiwiri mbali ina ya sukulu. Kalasi iliyonse, kapena nyumba yogona iliyonse, ikhale ndi pake pokhazikika, polembedwa ndi penti pamwala kapena pachikhomo, kuti mwana wosokonezeka ndi mantha asachite kufunsa.

Koma bwalo lomwelo likhoza kupha ngati ngoziyo ndi madzi. Pa 11 Malichi 2011, chivomezi chachikulu chitagwedeza dziko la Japan, aphunzitsi a pasukulu ya pulayimale ya Okawa, mumzinda wa Ishinomaki, anatulutsa ana bwinobwino n'kuwaimika pabwalo. Anakhala pamenepo pafupifupi mphindi 50 akukambirana kolowera, pamene phiri linali kuseri kwa sukuluyo. Dongosolo lawo silinatchule malo enieni okwera othawirako. Atanyamuka, analunjika cha kumlatho wa mtsinje wa Kitakami, ndipo madzi a m'nyanja anawapeza panjira. Mwa ana 108 a pasukulupo, 74 anafa kapena kusowa, pamodzi ndi aphunzitsi 10. Pambuyo pake khoti linagamula kuti akuluakulu analephera kukonza dongosolo loyenera ngozi isanachitike.

Kwa ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, phunziro lake ndi lapafupi. Sukulu ya ku Nsanje kapena ku Chikwawa ilembe dzina la malo okwera, njira yake, ndi mphindi zimene mwana wa Sitandade 1 angayende kukafika, ndipo njirayo isaoloke mtsinje kapena khwawa. Sukulu ya m'tsinde mwa phiri, monga ku Phalombe ndi ku Mulanje, iganizirenso za matope ndi miyala yotsika kumtunda. Ku Karonga, kumene zivomezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri, lamulo ndi lina: nthaka ikamagwedezeka ana abisale pansi pa madesiki atagwira mitu, atuluke kugwedezeka kukaleka, n'kukaima kutali ndi makoma.

Za maudindo, cholakwika chofala n'kulemba mayina a anthu m'malo mwa ntchito zawo. Mphunzitsi amasamutsidwa, amadwala, amapita kumaliro. Dongosolo linene kuti wotsogolera ndi mphunzitsi wamkulu, iye kulibe ndi wachiwiri wake, onse kulibe ndi mphunzitsi amene ali pantchito sabata imeneyo. Mphunzitsi amene ali m'kalasi belu likamalira ndiye mwini anawo: amatenga kaundula, amatuluka pomalizira, amatseka chitseko osakhoma. Chitseko chotseka chimachedwetsa moto ndi utsi. Pakhale wina woyendera zimbudzi, laibulale ndi chipinda cha odwala, pokhapokha ngati njira ili yabwino. Mlonda atsegule geti n'kuima pamsewu kulondolera othandiza. Mwana woyenda panjinga ya olumala, wosaona kapena wosamva akhale ndi munthu womuthandiza wodziwika kale, ndi winanso wobwerera. Mapulifekiti atha kutsogolera mzere, koma asatumidwe kukazima moto kapena kukafunafuna mnzawo m'nyumba yoyaka. Nawonso ndi ana a eni.

Tsopano tiyerekeze sukulu ya atsikana yogonera konko, yokhala ndi nyumba zogona zinayi, iliyonse ya ana 80. Nthawi ili cha m'ma 11 koloko usiku, magetsi kulibe, ndipo kandulo yagwira neti ya udzudzu m'nyumba yachiwiri. Belu lalira. Ametroni atsegula makomo onse awiri, chifukwa kiyi amakhala pa msomali pambali pa khomo, mkati, osati kunyumba kwa mphunzitsi wina. Atsikana atuluka chowerama pansi pa utsi, osatenga chikwama kapena foni. Nyumba zinayi zonse zatuluka, ngakhale zitatu sizikuyaka, ndipo aliyense wakhala pansi pamalo a nyumba yake. Kukhala pansi kumathandiza: mwana wokhala sasuntha, ndipo woimirira amaonekera.

Kaundula wa nyumba yachiwiri ali ndi mayina 80. Koma buku la madzulo amenewo likusonyeza kuti atatu anabwezedwa kwawo kukatenga fizi, awiri agona kuchipinda cha odwala, ndipo mmodzi anagonekedwa kuchipatala. Ndiye kuti oyembekezeka pamzere ndi 74. Ametroni awerenga mitu, apeza 73. Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa kuwerenga mitu ndi kuitana mayina. Kuwerenga kumachenjeza msanga kuti wina palibe, koma sikunena kuti ndani. Choipa kwambiri, nambala ikhoza kukwana mwangozi ngati mwana wa nyumba ina walowa mumzerewo pamene wa m'nyumbamo watsalira mkati. Choncho amaitana dzina limodzilimodzi ndi tochi m'manja, ndipo sachonga dzina asanaione nkhope. Mawu akuti “aliko, ndinamuona akutuluka” si umboni.

Dzina losowalo lapezeka, ndipo lapita kwa wotsogolera pamodzi ndi malipoti a nyumba zina. Nyumba yachinayi yanena kuti ili ndi mwana mmodzi woonjezera: mtsikana uja anakagona kwa mnzake. Nkhani yatha m'mphindi zochepa, popanda munthu kulowa m'moto. Kukanakhala kuti palibe buku la madzulo, ametroni akanaganiza kuti akusowa ana asanu ndi awiri, ndipo mwina mphunzitsi wolimba mtima akanabwerera m'nyumbamo kukafuna ana amene ali kwawo kumudzi. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chida chachikulu pa dongosolo lonseli ndi kaundula wolembedwa tsiku lomwelo, wosungidwa pafupi ndi khomo, kope lina lili kwa mlonda kapena kuofesi. M'sukulu zoyendera, kumene kalasi imodzi imatha kupitirira ana 100, kuitana mayina onse kumatenga nthawi, choncho ndi bwino kuwagawiratu m'timagulu ta ana khumi, kalikonse ndi mtsogoleri wake, mphunzitsi n'kumatsimikiza kagulu ndi kagulu. Alendo, ophika ndi amayi ophika phala nawonso awerengedwe.

Mwana akasowadi, wotsogolera amalemba dzina lake, pamene anaonedwa komaliza ndi bedi limene amagona, n'kupereka kwa obwera kudzathandiza. Palibe wobwerera m'nyumba mpaka wotsogolera atalengeza.

Mauthenga nawo ali ndi ndondomeko yake. Woimba foni akhale mmodzi wosankhidwiratu, ndipo ayambe kuimba pamene ena akutulutsa ana, osadikira kuitana mayina. Galimoto zozimira moto zimapezeka makamaka m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, kotero sukulu yakumudzi isadzinamize kuti zifika msanga. Nambala zofunika kwa iyo ndi za polisi yapafupi, chipatala chapafupi, amfumu, wapampando wa komiti ya sukulu, ndi munthu wa m'deralo amene ali ndi galimoto. Zilembedwe papepala lomata kuofesi, kwa ametroni ndi kwa mlonda, ndipo foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi. Kumene netiweki imavuta, kukhala ndi laini ya Airtel ndi ya TNM si kuwononga ndalama. Woimbayo anene dzina la sukulu, njira yofikira, chimene chachitika, ndi chiwerengero cha ovulala. Kenako adziwitse ofesi ya maphunziro ya boma, ndipo ngati ndi madzi kapena mphepo, a khonsolo oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Makolo auzidwe mayina akatha kuitanidwa, ndi uthenga umodzi wochokera kwa mphunzitsi wamkulu, wonena zoona zokhazokha ndi malo okatengera ana. Mbiri yoipa imathamanga pa WhatsApp kuposa galimoto ya odwala, ndipo sukulu ikakhala chete makolo amakhamukira pageti n'kutseka njira. Kholo la mwana wovulala kapena wosowa liuzidwe palokha, osati pagulu. Aliyense wotenga mwana asayine, apo ayi madzulo ake sukulu idzakhala ikufunafuna mwana amene ali kale kunyumba kwa azakhali ake.

Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha zitayeserera, kamodzi pa teremu, ndipo kusukulu yogonera konko kamodzi kachitike usiku. Wina agwire wotchi, alembe mphindi zotulukira ndi mphindi zomalizira kuitana mayina. Tsiku lina atseke dala khomo limodzi, kapena asunge mwana mmodzi kuofesi, aone ngati aphunzitsi azindikira. Akapanda kuzindikira, dongosololo likadali papepala chabe.

Inu makolo, popereka mwana teremu ikubwerayi, musangoona za fizi ndi za ndiwo. Pemphani kuti akuonetseni nyumba imene azigona, muwerenge makomo, mufunse kumene kiyi amagona usiku, ndipo mufunse tsiku limene anayeserera komaliza.